Soketi yakakamira ku ekisitenshoni ya mulamu wanga, thandizeni

Atate ake Mphatso: Muli bwanji a m'gulu, ndithandizeni chonde mutu wanga sukugwira. Dzulo ndinaponchesa tayala pafupi ndi Kalingalinga ndili ndi kasitomala m'galimoto, kasitomalayo anatsika osalipira ati ndamuchedwetsa. Manati anali olimba koopsa chifukwa anyamata amene anandimatira tayala mwezi watha anamanga ndi impakiti ngati akumanga thilaki, ine ndinawauza kuti pang'ono chabe koma samva. Sipanala yanga ya mawilo inapindika kale ndiye ndinathamangira kwa mulamu wanga ku Mtendere kukabwereka ekisitenshoni ndi chogwirira chake, soketi ya 21 ndi yanga. Tayala ndinasintha bwino, manje soketi yakana kuchoka ku ekisitenshoni. Ndakoka, ndamenyetsa pa simenti, usiku wonse yagona mu dizilo, palibe. Mulamu waimba kale katatu akufuna zinthu zake pofika Lachisanu ndipo munthu ameneyu tinayambanapo kale pa nkhani ya ndalama za maliro a apongozi, sindifuna akazi anga amvenso kuti ndaononga katundu wa achimwene awo. Ndichite bwanji?

Mudala wa ku Matero: Vuto loyamba ndi kubwereka. Ine zaka zonse ndagwira ntchito ya umakanika sindinabwerekepo sipanala ya munthu ndipo yanga sindibwereketsa ngakhale kwa mwana wanga wobala ndekha. Munthu uli ndi takisi koma ulibe zida zako? Vuto lachiwiri ndi zitsulo zotchipa zimene mumatola pa msika, chitsulo chofewa ngati nsima ya dzulo. Tenga ku wowotcherera aitenthe soketiyo ndi gasi mpaka ifiire, idzagwa yokha. Yatha nkhani.

Mayi wa saluni: Pepani bambo koma musakoke ndi manja, yambani mwazimitsa pa meni switchi. Yanga inasungunuka chomwecho magetsi atabwera mwamphamvu usiku, pulagi ya dulaya inamatirira ku ekisitenshoni mpaka ndinataya zonse ziwiri

Kabaza Boyi: Amayi awa akamba za magetsi 😂😂 amayi ndi soketi ya manati iyi, ya galimoto

Mayi wa saluni: Ooh pepani ndinangoona soketi ndi ekisitenshoni. Koma dulaya ija inandipweteka mtima mpaka lero.

Amake Daliso: Atate ake Mphatso, mwatiuza za maliro ndi za kasitomala koma chofunika simunanene. Ekisitenshoniyo ndi yowala ngati siliva kapena ndi yakuda? Ndipo soketi yanuyo, m'mbali mwake cha kumunsi kumene imalowera ekisitenshoni, ili ndi kabowo? Muyang'anenso ngati pa ekisitenshoni pali kakolala kotsetsereka kapena kabatani. Musamenyenso kanthu musanayankhe izi.

Mudala wa ku Matero: Mafunso a chiyani mayi, chitsulo chikakana mankhwala ake ndi moto. Ife tinaphunzira ntchito kulibe mafoni awa.

Amake Daliso: Ba mudala ndi ulemu wonse, moto wofiiritsa umachotsa kulimba kwa chitsulo, soketiyo ikazizira idzayamba kutafuna makona a manati kapena kung'ambika. Komanso mkati mwa mutu wa ekisitenshoni muli kasipuling'i kakang'ono kamene kamakankha kampira kogwira soketi, kakapsa kamafooka ndiye mulamu wawo adzalandira ekisitenshoni yogwetsa soketi iliyonse. Ine ndimagwira mu wekishopu ya mathilaki, zotenthedwa zotere ndaziona.

Mudala wa ku Matero: Ndatentha zambirimbiri ine palibe inafa. Ana a masiku ano mumaopa moto ngati mwaona njoka.

Wa minibasi ya Chawama: Inetu zinandichitikira pa latcheti, ndinalimbana nayo Sande yonse mpaka kuchotsa chikhadabo, kondakitala wanga anangobwera nkudina kabatani kumbuyo kwa mutu soketi nkugwa pansi. Manyazi ake! Dinani batani bwana. Ngati batani lalimba ndiye kuti mwalowa mchenga, thirani WD-40 mudine kangapo kangapo ndi chala kapena mugogode pang'ono ndi chogwirira cha sikuludilaiva.

Kabaza Boyi: Ingomupatsani mulamu zonse pamodzi muti soketi ndi mbasela

Atate ake Mphatso: Ba Chawama si latcheti ayi, chogwirira chinachoka bwinobwino, yatsala ndi ekisitenshoni ndi soketi chabe. Batani palibe, kolala palibe. Amake Daliso ndayang'ana, ekisitenshoni ndi yakuda, soketi yanga ndi yakudanso ndinagula yogwirapo kale ntchito. Kabowo kalipo m'mbali ndipo mkati mwake ndikuona kachitsulo. Kabaza Boyi ine sindikuseka, soketi imeneyi ndiye ndimadalira pa msewu.

Amake Daliso: Eya ndimaganiza choncho. Zakudazo ndi za impakiti, ndipo zina mwa izo sizikhala ndi kampira kozungulira kaja, zimakhala ndi kapini ka mutu wosalala kokhala pa sipuling'i. Kampira ukakoka soketi kamabwerera mkati kokha chifukwa ndi kobulungira. Kapini ayi, kakalowa m'bowo la soketi kakhoma ngati loko wa chitseko, anapangira dala kuti soketi isathawe makina akamagunda. Mukhoza kukoka mpaka Khisimasi, dizilo sathandizapo kanthu. Tengani msomali wa 2 inchi, muufupize nsonga pa mwala kuti usaterereke, kapena aleni kii yaing'ono yolowa m'bowomo. Kanikizani kapiniko mpaka kamire, ndipo muli chikanikizire choncho wina akoke soketi. Ikangosuntha pang'ono chotsani msomali chifukwa ukatsala m'bowo ndi umene udzayamba kutchinga. Ndi ntchito ya anthu awiri, kapena mupane ekisitenshoni pakati pa maondo.

Mudala wa ku Matero: Ndiye zimene ndimanena zija, kubwereka chida chimene sukuchidziwa. Akanakhala ndi chake akanadziwa kuti chili ndi pini. Ine mu 1998 mnyamata wina anandibwereka toki lenchi nkukamasulira manati a thilakita, mpaka lero sindimuyankha moni.

Mlongo wa ku Kabwata: Koma abale a akazi ndi ovuta zoona. Wanga anandibwereka jeke chaka chatha, ndikafunsa ati ili kwa mnzake ku Kafue. Inu mulamu wanu ndi wabwino kuti anakubwerekani nkomwe, mugulireni ka drinki pobweza.

Wa minibasi ya Chawama: Ba mudala mwakamba katatu manje koma nzeru yanu ndi imodzi chabe ya moto, asiyeni amayi athandize munthu

Mudala wa ku Matero: Iwe woyendetsa basi ukudziwa chiyani za zitsulo, si iwe walephera kudina batani Sande yonse? Ine ndikukamba zimene ndaona ndi maso. Ndipo ndibwereze, zida zenizeni zinali zakale, izi za lero ukangokoka kamodzi sikweya ya ku mutu, yolowa mu soketi, yapotoka.

Atate ake Mphatso: Ndayesa ndi mwana wanga Mphatso, kapini kakulowa bwino ndithu ndipo soketi inasuntha, mwina mamilimita 2 kapena 3, kapini sikakuonekanso pa bowo. Koma yaimanso pamenepo yalimba gwa. Kubwerera m'mbuyo ikukananso. Kaya ndaonjeza vuto? Mwina ndinene kuti pomasula manati aja ndinaika paipi ya mpanda pa chogwirira, yotalika ngati mita imodzi ndi theka, nkuimapo ndi mwendo. Nati imodzi inalira kuti phaa.

Kabaza Boyi: Paipi mwaitchula manje?? Munayamba ndi maliro a apongozi paipi nkuisiya 😭

Mudala wa ku Matero: Mwamva! Sikweya yapotoka, ndinanena ine. Ndani amatsutsa uja?

Amake Daliso: Apa ba mudala mwalasa, koma moto ayi ndithu. Tangoganizani atate, manati a Corolla amafuna 103 Nm basi. Munthu wa makilo 70 akaima kumapeto kwa paipi ya mita ndi theka ndi pafupifupi 1000 Nm, zonsezo zikudutsa pa kasikweya ka hafu inchi, mamilimita 12.7 chabe. Makona a sikweya amadya m'makoma a soketi nkutukula kachitsulo m'mphepete, nthawi zina mutu wonse umapotoka pang'ono. Kudziwa kwake, yang'anani ku mbali yolowera nati muunike ndi tochi ya foni, muona kumapeto kwa ekisitenshoni pansi pa bowo. Ngati makona ake sakugwirizana ndi makona a soketi, apendekera mbali imodzi, ndi zimenezo.

Choyamba vekani soketi pa nati ya wilo yomanga kale, mubweze chogwirira, mukankhe ngati mukumanga, ndi dzanja chabe osati paipi. Inalumana pomasula ndiye mukaipotoza mbali inayo imamasuka, nthawi zina mumamva kuti tcha. Ikakanabe pitani pamene pali vaisi. Tsegulani vaisi moti ekisitenshoni ilende pansi momasuka koma thako la soketi likhale pamwamba pa milomo ya vaisi, musamange. Lowetsani panchi kapena bawuti yakutha ya 8 kapena 10 kuchokera pamwamba, igunde pa mutu wa ekisitenshoni, mumenye ndi hamala molunjika, kumenya kwakufupi kolimba osati kwa mkwiyo. Kapini kaonetsetseni kuti sikanabwerere m'bowo, mukamenya kali m'bowo mudzakadula. Pansi ikani chiguduli ekisitenshoni isagwere pa simenti, ndipo maso muteteze, tizidutswa ta chitsulo timathetheka.

Wa minibasi ya Chawama: Popanda vaisi masikuludilaiva awiri afulati mbali ndi mbali nkutukula, ine ndimatero

Amake Daliso: Zimenezo zimagwira pa latcheti chifukwa mutu wake ndi wotakata pali potsamira. Pa ekisitenshoni mutsamira pati? Mungodzibaya m'manja.

Mudala wa ku Matero: Ikachoka apale makona ndi tupa asanabweze, apo ayi soketi ya mulamu wakeyo idzakakamiranso ndiye nkhondo ya maliro idzayambiranso. Ndipo amuuze zoona mwini wake. Chitsulo chopotoka chimadzathyoka tsiku lina munthu atatsamirapo, ine dzino ili lakutsogolo ndinataya choncho.

Amake Daliso: Tupa inde ngati ndi kachitsulo kotukuka chabe, kupala kawiri katatu nkupaka kagirizi pa kapini. Koma ngati mutu wapotoka wooneka ndi maso kapena pali mng'alu pa khosi pake, imeneyo yatha, mugule ina.

Mlongo wa ku Kabwata: Kugula bwanji, mwina inali yopotoka kale asanabwereke, ndani anaiyeza?

Mudala wa ku Matero: Wabwereka ndiye amalipira, ndi lamulo la mu galaja kuyambira kale.

Atate ake Mphatso: Ndaunika ndi tochi, makona akuoneka opendekera pang'ono koma sindidziwa ngati ndi maso anga. Pa nati ndayesa kumanga, sinalire. Vaisi ndilibe, pali wowotcherera mageti kuseri kwa nyumba yathu koma watseka kale, ndipita mawa m'mawa ndisanayambe ntchito. Amake Daliso bawuti ya 10 ndili nayo koma ndi yaifupi ngati chala, ikwana kapena ndifune yaitali? Nanga ekisitenshoni yakuda yotere ya hafu inchi ku Kamwala ingakhale zingati, kuti ndidziwiretu ndisanakambe ndi mulamu

Kabaza Boyi: Wowotchererayo mukamuuze asayatse gasi, mwina ndi mnzawo wa ba mudala

Mudala wa ku Matero: Akanatentha dzulo bwenzi pano akugona tulo.