Thandizeni pa nkhani ya mnyamata woponya mpira wa kiriketi

Anzanga a kuno ku Chipata, ndikulemba nkhani yaifupi ya mnyamata wa ku Kapata amene akuphunzira kuponya mpira wa kiriketi wodzipangira yekha. Wakulunga kamwala m'mapepala apulasitiki, namanga ndi malegeni. Mpira weniweni umalemera magalamu pafupifupi 160 ndipo uli ndi msoko, pomwe wakewu ndi wopepuka, ulibenso msoko. Akauponya pa mtunda wa mamita 20, chigongono chosapinda monga mwa lamulo, umanjanja mopitirira muyeso chifukwa malegeni achuluka. Apa ndiye ndaima. Kodi asoke chingwe mozungulira kuti mpira uzikhota ukagunda pansi, kapena chingwecho chingaduke msanga pa dothi louma la mu Okutobala? Amene munaponyapo wotere, ndiuzeni chimayamba kuwonongeka n'chiyani.