Dzina loti Chakudza: ndilembe kuti likutanthauza chiyani?

Nabanda: Mwana wanga wamwamuna anabadwa mimba ili ndi miyezi 7 yokha, tili m'njira kupita kuchipatala usiku, ngakhale nsalu zomufundira ndisanagule. Mchombo utagwa, tsiku lotuluka m'chikuta, azakhali ake anamutcha Chakudza, ndipo nditafunsa chifukwa anangoyankha kuti, "Chakudza sichiimba ng'oma." Azakhaliwo anatisiya chaka chatha, choncho ndikufuna kulemba m'kope tanthauzo la dzinali ndi chiyambi chake kuti mwanayu adzawerenge akadzakula. Chomwe chikundiimitsa dzanja n'chakuti mwambiwu ndimaumva kawirikawiri pamaliro. Kodi mawu oti "chakudza" akutanthauza chiyani kwenikweni, nanga ndilembe kuti mwana wanga anatchedwa dzina la tsoka?

Jere: Mayi, kodi simunalakwitse kalembedwe, mwina n'kukhala Chakudya? Ndikufunsa chifukwa mng'ono wanga anabadwa pa njala ya 2002 ndipo agogo anamutcha Njala, kotero sindingadabwe ngati wina atatchedwa Chakudya chifukwa chobadwa nthawi yokolola.

Aphiri: A Jere, dzinali lalembedwa bwino, ndipo silikukhudza m'mimba. Likuchokera ku mneni "kudza", amene masiku ano ambiri tinamusiya n'kumati "kubwera", ngakhale akumvekabe m'pemphero pamene timati "Ufumu wanu udze" komanso m'dzina loti Mwadzangati. Likufanana ndi "chakudya" chifukwa aneni aafupi otere sataya "ku" wawo: timati chakudya, chakumwa, chakudza, pamene kwa aneni aatali "cha" ndi "ku" amaphatikizana n'kukhala "cho", monga chobwera ndi chophika. Choncho chakudza ndi chinthu chimene chikubwera.

Ng'oma ndiyo inkauza mudzi kuti kuli gule kapena chinamwali, ndipo woimva ankayamba kukonzeka. Mwambiwu ukunena kuti zogwera munthu zilibe ulemu wotero, zimangofika osachenjeza. N'zoona kuti akuluakulu amaugwiritsa ntchito makamaka ponena za matenda, ngozi ndi imfa, polangiza anthu kuti azikhala okonzeka. Koma taonani, a Nabanda, kuti dzinali lili ndi "cha" wa chinthu, osati "wa" wa munthu. Azakhali akanafuna kuloza mwanayo akanati Wakudza. Iwo analoza chochitikacho, kubadwa kodzidzimutsa kwa panjira kuja, ndipo m'kuona kwanga n'chimene muyenera kulemba.

Nasibeko: Ine ndikukayika kuti nkhaniyi ndi yosalala chonchi. Maina amene amachokera kuchimuna nthawi zambiri amakhala ndi mbola. Mwandida, Ndaziona ndi Lekani ndi maina amene munthu amalankhulira pa mwana mawu amene walephera kuuza mlamu kapena mpongozi maso ndi maso. Mwina azakhaliwo ankakudzudzulani kuti simunakonzekere, popeza mwanena nokha kuti nsalu zinali zisanagulidwe.

Nabanda: Mawu amenewo andibaya pang'ono, a Nasibeko, chifukwa azakhaliwo anandikalipiradi za nsaluzo m'mawa mwake. Komabe ndi iwo omwe anavula chitenje chawo n'kumukulunga mwanayo, ndipo ndi iwonso amene ankandilandira pomufungata pachifuwa kuti asazizidwe masabata oyambirira aja.

Aphiri: Zimenezi ndiye zofunika kuposa zonse zimene ndafotokoza ine. A Nasibeko akunena zoona kuti dzina limatha kukhala chidzudzulo, koma si dzina lililonse, ndipo mboni ya zimenezi ndi zochita za wotchulayo, osati mawu a dzinalo paokha. Polemba musasakanize zimene mukudziwa ndi zimene mukuganiza. Mwambiwo muulembe wathunthu monga anaunenera iwo, chifukwa dzina la mwambi limangotenga mutu wake, monga Chaona amene amachokera ku "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe", ndipo mchira ukaiwalika adzukulu adzangopeka. Mukhoza kulemba motere: "Unabadwa panjira usiku, miyezi iwiri nthawi yako isanakwane. Azakhali ako anakukulunga m'chitenje chawo, ndipo potuluka m'chikuta anakutcha Chakudza, nati chakudza sichiimba ng'oma. Kudza ndi kubwera." Muwonjezepo tsiku, malo ndi dzina lawo. Mawu oti tsoka musawaikemo, popeza iwo sanawanene.

Nasibeko: Nanga kukalipa kuja akusiye? Mwanayo akadzamva kwa abale ena adzati mayi ake anakometsa nkhani.

Nabanda: Pamenepo sindinatsimikize mtima. Ndalemba kale mizere ya a Phiri ija, koma m'munsi mwake ndasiya danga, ndipo Loweruka ndikafunsa apongozi anga, amene analipo m'chikuta tsiku lija, ngati anamva azakhali akunenanso china atatha mwambiwo.