Nkhope yotakata, maso oyandikana, mphamvu -6.00: felemu iti?

Mayi Zulu, Chipata: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanatumize oda ku Lusaka. Ndili ndi mayi wina, mphunzitsi wa ku Chadiza. Mphamvu ya magalasi ake ndi -6.00 maso onse, PD, mtunda wa pakati pa maso awiri, ndi mamilimita 62. Nkhope ndi yotakata, ndayeza ndi lula kuchoka m'litsipa kufika m'litsipa ndapeza mamilimita 141, koma mphuno pakati pa maso ndi yotsika kwambiri. Wasankha felemu ya pulasitiki yolembedwa 56□17-140, kutanthauza galasi mamilimita 56 m'lifupi, kamlatho ka pamphuno 17, mwendo 140, ndipo waikonda zedi. M'lifupi ikukwana bwino, miyendo siikumupana. Koma akangomwetulira felemu ikukwera ndi masaya, akawerama ikutsetsereka. Ndalama zomwe ali nazo ndi za magalasi wamba a 1.5. Ndimupatse yomweyi?

A Mwale, Petauke: Nkhope yake ndi yozungulira kapena yamakona? Ine ndimayambira pamenepo. Yozungulira ipatseni felemu yamakona, yachibwano chamakona ipatseni yozungulira. Ngati ndi yozungulira ndipo 56 imeneyo ndi yamakona, mwapeza kale amayi, muvutikiranji.

Mayi Zulu: Ndi yozungulira, ndipo felemu ndi yamakona ndithu. Pa kalilole ikuoneka bwino. Nkhawa yanga ili pa makulidwe.

A Tembo, Katete: Zamakona ndi zozungulirazo, a Mwale, zimagwira kwa munthu wa -1.00. Pa -6.00 timayamba ndi manambala, maonekedwe pambuyo.

Amayi, onkhetsani 56 ndi 17, mupeza 73. Umenewo ndi mtunda kuchoka pakati pa galasi lakumanja kufika pakati pa lakumanzere. Maso a mayiyo ali pa 62. Kusiyana ndi 11, kugawa pawiri 5.5. Ndiye kuti a ku labu adzakokera pakati pa galasi lililonse mamilimita 5.5 chakumphuno kuti pakumane ndi diso. Tsono galasi la mainasi ndi lopyapyala pakati, limanka likhuthala mukamapita kumphepete. Theka la 56 ndi 28, kuwonjezera 5.5 uja, mphepete ya kukhutu ili mamilimita 33.5 kuchoka pa diso. Pa 1.5 pamenepo galasi lidzakhala pafupifupi mamilimita 9, ndipo m'makona a felemu yamakonayo lidzaposa apo chifukwa kona ili kutali kuposa mbali. Chidzatuluka ngati tako la botolo, mayiyo adzabwera nacho kwa inu, osati ku labu.

Yesani 49□19. Kuonkhetsa 68, kukokera mkati mamilimita 3 okha, mphepete ili pa 27.5. Galasi lomwelo la 1.5 litsika kufika cha m'ma 6.5. Makulidwe sakwera pang'onopang'ono ndi mtunda ayi, mtunda ukawirikiza kawiri gawo lokhuthalalo limawirikiza kanayi. N'chifukwa chake mamilimita 6 okha akusintha chonchi.

A Mwale: Koma 49 pa nkhope ya 141? Magalasi awiri ndi kamlatho ndi 117 basi. Miyendo idzatanuka ngati ikufuna kuthyoka, idzamusiyira mizere m'litsipa, mutu kupweteka tsiku lonse. Ndaziona zimenezo. Kulibwino awonjezere ndalama agule magalasi opyapyalako a 1.6, akhale ndi felemu yake yomwe waikonda.

A Tembo: Za mizere m'litsipa mwanenadi, ndipo miyendo ikapana mutu chotero imakankhira felemu kutsogolo, kutsetsereka kumawonjezeka. Koma sindikuti agule felemu ya mwana. Ndikuti afune ya magalasi ang'ono koma ya mapewa otambalala, kumene mwendo ukulumikizana ndi kutsogolo kutulukire kunja mamilimita 10 kapena 12 mbali iliyonse. 117 kuwonjezera 24 mwafika pa 141 wanu uja. Manambala atatu olembedwa pa mwendo sakuuzani m'lifupi monse, pamafunika lula, kuchoka pa hinji kufika pa hinji.

Za 1.6, ndawerengera: mu 56 muja lidzakhalabe cha m'ma 7 kapena kupitirira pang'ono. Ndiye alipire zambiri kuti apeze galasi lokhuthala kuposa la 1.5 mu felemu yaing'ono?

Chisomo, wophunzira ntchito ku Lundazi: Pepani akuluakulu, ine ndikuona ngati vuto ndi mphamvu. Kwathu kuno bambo wina wa -5.50 anabweza magalasi akuti akumuzunguza mutu ndipo maso akukoka. Mwina mayiyo amuyezenso kaye?

Mayi Zulu: Sanavale magalasi atsopano ayi mwanawe, tikadali pa kusankha felemu.

A Tembo: Chisomo, nkhani yako ndi ina, koma usayambe wakayikira woyeza. Ika magalasi a bamboyo pa makina, udonthe kachizindikiro pakati pa galasi lililonse, uyeze mtunda wake, ufanizire ndi PD. Felemu ikakhala yaikulu, wodula waulesi nthawi zina amangoika pakati pa galasi pakati pa felemu. Pa -5.50, kuphonya mamilimita 5 ndi pafupifupi mapulizimu atatu diso lililonse. Maso akoka bwanji osakoka.

Mayi Nyirenda, Chipata: Nonse mwathamangira m'lifupi, mphuno mwaisiya. Mayi Zulu anena kuti felemu ikukwera ndi masaya. Ndiye kuti sinakhale pamphuno konse, yakhala pa masaya. Mafelemu ambiri a pulasitiki amene timalandira amawaumba poganizira mphuno yokwera pakati pa maso, pomwe anthu athu ambiri mphuno ndi yotsika ndi yotambalala. Kamlatho ka pulasitiki simungakasinthe, kakakana kakana. Mupinde miyendo kuseri kwa khutu mmene mungathere, ukafika mwezi wa Okutobala ndi thukuta la m'kalasi, idzatsika basi. Ndipo -6.00 ikatsika pamphuno n'kutalikira diso, mphamvu imachepa, adzayamba kudandaula kuti bolodi sakuliona bwino.

Ine ndikanamupatsa yachitsulo ya timapadi tosintha ndi pulayazi. Mumatitambasula kuti tigone ndi thupi lonse m'mbali mwa mphuno, osati kubaya ndi nsonga. Kenako mumuuze aseke kwenikweni, osati kumwetulira kwa manyazi kuja. Felemu isasunthe. Aphethire, nsidze zisapukute galasi. Aweramitse mutu ngati akulemba m'kaundula, muone ngati ikugwa. Komanso kutalika kwa galasi kuchoka pamwamba kufika pansi kuchepe, chifukwa masaya ake ndi okwera.

A Mwale: Yachitsulo yopyapyala ndi -6.00? Mphepete yonse idzaonekera poyera. Pulasitiki imabisako.

Mayi Nyirenda: Apo ndikuvomerezani. Pali zina za pulasitiki zokhala ndi timapadi tachitsulo, imeneyo ndiye ikanathetsa zonse ziwiri, kungoti sizipezeka nthawi zonse. Yopanda mkombero kapena ya kansinga kunsi, imeneyo ayi ndithu.

Mayi Zulu: Ndafwanthula m'madilowa. Ya 49□19 ya mapewa otambalala ndilibe. Ndapeza yachitsulo ya mkombero wochindikala, 50□19-145, ya timapadi, makona ake ofewa, hinji ndi hinji 138. Kuonkhetsa 69, kukokera mkati 3.5.

A Tembo: Imeneyo siyoipa. Mphepete ili pa 28.5, galasi cha m'ma 7 pa 1.5. Mamilimita atatu operewerawo mutsegule miyendo pang'ono pamapewa, ikhudze mutu pamwamba pa khutu pokha. 145 ndi wabwino kwa mutu waukulu, 140 uja mwina akanapindikira khutu lisanafike. Musinthe timapadi kaye musanadonthe pomwe pali diso, mukayamba ndi kudontha muzayeza kawiri.

A Mwale: Ine ndikuti akana. Masiku ano azimayi akufuna zazikulu, ndipo wavala kale ina n'kuikonda.

Mayi Zulu: Abwera Loweruka. Ndili ndi galasi lakale la -6.00 losadula, ndimugwiritsa m'manja aone yekha kusiyana kwa pafupi ndi pakati ndi kumphepete. Akaumirirabe pa 56, Mayi Nyirenda, mumadziwa amene amaika timapadi pa felemu ya pulasitiki kuno ku Chipata, kapena mpaka ku Lusaka?