Bakapu ya usiku ikutuluka fayilo yopanda kanthu, thandizeni

Abale anzanga a za madatabesi, ndikupempha nzeru. Amene ankasamalira madatabesi kuntchito kwathu asiya ntchito sabata yatha, ndipo udindowu wagwera ine. Anasiya chikalata cholongosoka ndithu: maseva atatu a PostgreSQL, nthawi za bakapu, lamulo losintha mapasiwedi pakatha masiku 90, ndi mavuto odziwika. Pa mavutowo analemba mzere umodzi wokha wakuti bakapu ya usiku nthawi zina imalephera.

Nditatsatira lamulo lija, ndinasintha mapasiwedi onse tsiku lomwe anachoka. Kuyambira pamenepo fayilo ya bakapu imapangika usiku uliwonse 2 koloko, koma kukula kwake ndi 0. Mzere wa mu crontab ndi uwu:

```
0 2 * * * pg_dump -h db1 -U backup malonda > /backup/malonda.sql
```

Ndikuganiza kuti pg_dump ikuwerengabe pasiwedi yakale mu fayilo ya .pgpass ya akaunti yomwe imayendetsa cron, ndipo seva ikuikana. Chizindikiro cha > chimapanga fayilo ngakhale lamulolo litalephera, ndiye bakapu yabwino yomwe inalipo inafufutika kale. Chikalatacho sichitchula .pgpass paliponse, zomwe zandikhumudwitsa pang'ono.

Funso langa ndi ili: kupatula kukonza .pgpass, inu mumafufuza bwanji malo ena onse amene pasiwedi yakale yabisala? Nanga akaunti ya amene anachoka aja ndingaichotse bwanji, poti DROP ROLE ikukana chifukwa matebulo ena ndi awo? Kodi REASSIGN OWNED ndi yokwanira, kapena pali china choyenera kuona kaye?