Ekisire yaonetsa kamtambo m'phapo, ndilembe bwanji ku kiliniki?

Mlongoti wa Banja: Abale, ndinapeza ntchito ya zomangamanga kunja, koma atandijambula m'chifuwa ajenti angoti mapepala aima chifukwa paoneka kamtambo koyera kumtunda kwa phapo lakumanja. Sinditsokomola, sindinaonde. Ndalemba motere: "Adokotala, ndikupempha mundifotokozere chomwe mwaona pa ekisire yanga, ndiponso ngati ndi TB kapena ayi." Yakwana? TB ndinadwalapo kalekale, mankhwala ndinamaliza miyezi 6 yonse.

Namwino Wopuma: Achimwene, funso lakuti "ndi TB kapena ayi" ekisire payokha singayankhe. TB imakonda kumtunda kwa mapapo, ndipo ikapola nthawi zambiri imasiya chipsera pamalo omwewo, chomwe chimatha kuonekabe moyo wonse. Chipseracho ndi matenda amene akuyambiranso nthawi zina zimafanana pachithunzi. M'kalatamo tchulani kuti munadwalapo, chaka chake, ndi kuti munamaliza mankhwala. Pemphani lipoti lolembedwa la dokotala amene anawerenga chithunzicho, kope la chithunzi chenichenicho, komanso kuti akuyezeni makhololo. Ngati ekisire yakale ilipo, itumizeni limodzi. Kamtambo kakakhala pomwepo osakula kwa zaka, dokotala amatsamira kwambiri ku chipsera.

Kamnyamata Kabata: Musavutike akulu, GeneXpert, makina oyezera TB m'makhololo, imatulutsa zotsatira m'maola awiri. Ikati mulibe, nkhani yatha.

Namwino Wopuma: Kufulumirako n'zoona, koma kwa munthu amene anadwalapo makinawo amatha kugwira zotsalira za tizilombo takufa n'kunena kuti TB ilipo. N'chifukwa chake amafunanso kumeretsa makhololo mu labu, ndipo kuti atsimikize kuti palibe chamera zimatenga masabata 6 mpaka 8. Auzeni abwana msanga za nthawiyi.

Wakumgodi Wakale: Ine kamtambo kanga sikanali TB, linali fumbi la miyala ya kumgodi lomwe linaumitsa mapapo. Timadonthomadontho mbali zonse ziwiri. Ngati munagwirapo kokumba kapena koswa miyala, lembanimo zaka zake.

Mayi a Mapasa: Mwanitu mkaka wambiri musanakajambulitsenso, umayeretsa m'chifuwa.

Wakumgodi Wakale: Amayi, mkakawo tinamwa ndithu kumgodi, chithunzi sichinasinthe.

Mlongoti wa Banja: Miyala sindinaswepo. Khadi la TB ndili nalo, koma ekisire yakale inatayika. Nanga makhololo akatuluka bwino, andilola?

Namwino Wopuma: Khadilo lijambuleni, muphatikize ndi kalatayo. Zololedwazo zimatengera dziko. Kwa opita ku Britain, makhololo akapezeka opanda TB amapereka satifiketi yogwira ntchito miyezi 6 ngakhale chipsera chilipo. Mayiko a ku Gulf amatha kukana munthu chifukwa cha chipsera chokha. Mukupita kuti? Funsaninso kilinikiyo ngati pali njira yopemphera kuti dokotala wina aonenso chithunzicho.