Mawu akumira m'nyimbo pa sipika ya foni

Ndili ku Nsanje, ndipo ndimakonza mauthenga a mphindi zitatu ochenjeza anthu za kusefukira kwa madzi, omwe ambiri amawamvera pa mafoni ang'onoang'ono. Mawu anga amafika pa -6 dB, nyimbo ndinaitsitsa kufika pa -18 dB, ndipo pa mahedifoni zonse zimamveka bwino. Koma pa sipika ya foni ng'oma imazimiririka, kenaka gitala amakwirira mawu, mwakuti amayi anga ku Bangula anandipempha kuti ndibwereze uthengawo pakamwa, zomwe zinandidetsa nkhawa kwambiri.

Kodi nditsitsenso nyimbo kufika pa -25 dB, kapena ndingochepetsa gitalayo pakati pa 1 kHz ndi 4 kHz, pamene mawu a munthu amamvekera? Ndimagwiritsa ntchito Audacity. Amene munayesapo Auto Duck, chonde ndiuzeni manambala amene munaika pa Duck amount.