Akundisautsa ndi ngongole yomwe ndinabweza kalekale

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndinakongola K150,000 ku kampani ina yobwereketsa ndalama ku Lilongwe, ndipo ndinamaliza kubweza yonse ndi chiwongoladzanja chaka chatha. Malisiti ndili nawo, kupatula limodzi la mwezi womaliza, lomwe inki yake inafufutika. Tsopano anthu otolera ngongole akundiimbira m'mawa ndi madzulo, ati ndatsala ndi K42,000. Dzulo anaimbiranso mayi anga kumudzi, zomwe zandipweteka mtima kwambiri.

Ndikufuna kuwalembera kalata yoti andionetse pepala la mgwirizano lomwe ndinasayina ndi ndondomeko ya zonse zomwe ndinalipira, komanso asiye kuimba foni. Kodi lisiti lofufutikalo ndingalilowetse m'malo ndi sitetimenti ya kubanki? Nanga ndiwapatse masiku angati oyankhira ndisanakadandaule ku Reserve Bank?